Dzina la Malaŵi likasanduka MalaÅµi pa kompyuta

Mlamu wanga ndi mlembi wa gulu la alimi a mbatata ya kachewere kufupi ndi malire a Dedza ndi Mozambique. Tsiku lina m'mawa anandiimbira foni ali ndi nkhawa. "Alamu, kompyuta ija yalowa vairasi. Kaundula yense wa alimi wasokonekera, ndipo msonkhano ndi mawa."

Nditafika ndinapeza fayilo yotsegulidwa mu Excel, mizere yoposa mazana atatu. Manambala onse anali bwino, kuyambira matumba a feteleza, maekala mpaka ndalama zimene aliyense wapereka. Mayina ambiri analinso bwino. Koma apo ndi apo panali zilembo zachilendo. Pamene panayenera kulembedwa ng’ombe panali ngâ€™ombe. Malaŵi anali MalaÅµi. Alimi ochokera kutsidya, ku Angónia, anawalembera AngÃ³nia, ndipo Ulongué anali UlonguÃ©. Mlamu wanga anali atayamba kale kukonza pamanja, mzere ndi mzere, ndipo anali atafika pa mzere wa 40.

Ndinawauza kuti asiye, atseke fayiloyo osasunga chilichonse. Munalibe vairasi m'kompyutamo, ndipo fayiloyo inali yabwinobwino. Cholakwika chinali m'kawerengedwe kake. Vutoli ndi lofala kwambiri moti anthu a ku Japan analipatsa dzina, mojibake, ndipo akatswiri a makompyuta m'mayiko ambiri anatengera dzina lomwelo.

Kuti timvetse chimene chinachitika, taganizani za maliro kumene kwasonkhana anthu a mipingo iwiri. Mtsogoleri wa nyimbo akuti, "Tiyimbe nambala 197." Iye sanatchule mawu a nyimboyo, wangotchula nambala. Amene ali ndi buku lofanana ndi lake apeza nyimbo imene akufuna. Amene anyamula buku la mpingo wina atsegulanso pa 197, koma ayamba kuyimba nyimbo ina. Nambala ndi yomweyo, palibe amene wamva molakwa, kungoti mabuku ndi osiyana.

Kompyuta nayo sisunga zilembo, imasunga manambala. Fayilo ya mawu ndi mndandanda wa manambala ang'onoang'ono otchedwa mabaiti, ndipo baiti iliyonse ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 255. Kuti nambala ioneke ngati chilembo pa sikirini, pulogalamu imayang'ana m'buku lake la zilembo, limene pa sikirini mudzaliona likutchedwa Encoding kapena Character set. Buku lakale la mtunduwu ndi ASCII, lomwe linatuluka ku America mu 1963. Lili ndi malo 128 okha, a zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Mmenemo A ndi 65, M ndi 77, w ndi 119. Pafupifupi mabuku onse amene timakumana nawo masiku ano amagwirizana pa malo 128 amenewa, ndipo n'chifukwa chake mayina ngati Dedza, Bembeke ndi Lizulu sanasokonekere m'kaundula wa mlamu wanga.

Mkangano uli pa manambala a 128 mpaka 255. Malowa ndi ochepa, zilankhulo ndi zambiri, choncho dera lililonse linawadzaza ndi zilembo zake. Makompyuta a Windows okonzedwa m'Chingerezi, ngati ambiri amene tili nawo kuno, amagwiritsa ntchito buku lotchedwa Windows-1252, limene mapulogalamu ena amangolitchula kuti ANSI. Muli é, ó, ç, ã ndi zilembo zina za kumadzulo kwa Ulaya, koma mulibe ŵ. Pofuna kuthetsa chisokonezo chimenechi panabwera Unicode, yomwe imapatsa chilembo chilichonse cha chilankhulo chilichonse nambala yakeyake, ndipo mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza njira yolembera manambalawo m'mabaiti, yotchedwa UTF-8. Nzeru yake ndi yakuti zilembo zakale za ASCII zimatenga baiti imodzi monga kale, pamene zina zonse zimatenga mabaiti awiri, atatu kapena anayi. Mafoni athu, masamba ambiri a pa intaneti ndi mapulogalamu osonkhanitsira mayina kumidzi amalemba mu UTF-8.

Tsopano tiyang'anitsitse dzina la dziko lathu. Malaŵi lili ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, koma mu UTF-8 limatenga mabaiti asanu ndi awiri: 77, 97, 108, 97, 197, 181, 105. Awiri aja, 197 ndi 181, ndi chilembo chimodzi, ŵ, ndipo ayenera kuwerengedwa limodzi. Pulogalamu ikatsegula fayiloyo ndi buku la Windows-1252, imawerenga baiti iliyonse payokha. Pa 197 imapeza Å, pa 181 imapeza µ, ndiye imalemba MalaÅµi. Manambala ali momwemo, palibe imene yatayika. Chilembo chimodzi chasanduka ziwiri chifukwa chowerengedwa ndi buku lolakwika.

Wina anganene kuti ŵ anthu ambiri anasiya kumulemba, ndiye nkhaniyi sitikhudza kwenikweni. N'zoona kuti masiku ano timamuona kwambiri m'mabuku akale ndi kwa alembi amene amamusungabe. Koma Chichewa chili ndi chizindikiro china chimene sitingachithawe, kankhodolero ka m'mawu ngati ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa. Kankhodolero kali mitundu iwiri pa kompyuta. Kowongoka, kamene kali pa kiyibodi, ndi nambala 39 ya ASCII, ndipo sikavuta konse. Koma Word ndi mafoni ena amakasintha okha kukhala kopindika, kooneka bwino ngati ka m'buku losindikizidwa. Kopindikako kamatenga mabaiti atatu mu UTF-8, omwe ndi 226, 128 ndi 153, ndipo Windows-1252 imawaona ngati â, € ndi ™. Apo ndi pamene pamachokera ngâ€™ombe. M'Chingerezi kachizindikiroka kamapezeka apo ndi apo, pamene m'Chichewa ndime imodzi ikhoza kukhala nato tambirimbiri, kotero kalata ya Chichewa ikasokonekera imaoneka yoipa kwambiri kuposa ya Chingerezi. M'kaundula uja, mizere ina inali ndi ng'ombe yabwinobwino, ina ngâ€™ombe, malinga ndi foni imene wolembayo anagwiritsa ntchito.

Chimene chinasokoneza mlamu wanga n'chakuti fayilo ya mtundu wa .csv kapena .txt nthawi zambiri sinena buku limene inalembedwera. Ndi manambala okhaokha. Pulogalamu yotsegula iyenera kungoganizira. Excel ya pa Windows, mukaitsegulira .csv podina kawiri pa fayiloyo, kawirikawiri imatenga buku lakale la kompyutayo, pokhapokha itapeza chizindikiro chapadera kumayambiriro kwa fayilo. Chizindikirocho ndi mabaiti atatu, 239, 187 ndi 191, otchedwa BOM, amene saoneka pa sikirini koma amauza pulogalamu kuti zotsatirazi ndi UTF-8. Fayilo ya mlamu wanga inachokera ku pulogalamu ya pa foni imene sinaike chizindikirocho.

Kukonza kwake kunatitengera mphindi zochepa. Choyamba tinakopera fayilo yoyambirira n'kuisunga pambali, kuti tikalakwitsa tikhale ndi pobwerera. Kenako tinatsegula Excel yopanda kanthu, osadina pa fayilo ija. Tinapita pa Data, n'kusankha From Text/CSV, n'kuloza fayiloyo. Pamatuluka bokosi loonetsa mizere yoyambirira, ndipo pamwamba pake pali File Origin. Pamenepo tinasintha kuchoka pa 1252: Western European (Windows) kupita pa 65001: Unicode (UTF-8). Nthawi yomweyo, m'bokosi momwemo, AngÃ³nia anabwerera kukhala Angónia. Mlamu wanga anawomba m'manja. Tinadina Load, ndipo mizere yonse inalowa ili yoyera. Amene amagwiritsa ntchito LibreOffice Calc ali ndi mwayi, chifukwa iyo imafunsa yokha nthawi zonse potsegula .csv, ndipo mumangosankha Unicode (UTF-8) pa Character set uku mukuona mmene mawu akusinthira.

Pali njira inanso yothandiza ngati fayiloyo idzatsegulidwa ndi anthu ena amene sadziwa zonsezi. Itseguleni mu Notepad. Ngati mawu akuoneka bwino mmenemo, sankhani Save As, ndipo pa Encoding musankhe UTF-8 with BOM. Mwatero mwaika chizindikiro chija, ndipo Excel idzaiwerenga bwino ngakhale munthu atangodina kawiri. Potumiza fayilo yochokera mu Excel, sankhani CSV UTF-8 (Comma delimited) m'malo mwa CSV (Comma delimited) wamba. BOM ili ndi vuto lake laling'ono: mapulogalamu ena sailandira, ndipo mukaona ï»¿ kumayambiriro kwenikweni kwa fayilo, dziwani kuti ndi mabaiti atatu aja akuwerengedwa ngati zilembo. Zikatero sungani fayiloyo mu UTF-8 wamba.

Koma si chisokonezo chilichonse chimene chimakonzeka chonchi, ndipo ndaonapo anthu akutaya tsiku lonse akuyesa njira imene singathandize. Maonekedwe a zilembozo ndi amene amakuuzani matenda ake. Mukaona magulu a zilembo ziwiri kapena zitatu zoyamba ndi Ã, Å, Â kapena â€, ndiye kuti ndi UTF-8 yowerengedwa ngati Windows-1252, monga m'nkhani yathuyi, ndipo palibe chatayika. Mukaona kachizindikiro kakuda konga dayamondi kokhala ndi funso mkati, monga Ang�nia, zinthu zatembenuka: fayilo ndi ya Windows-1252 koma ikuwerengedwa ngati UTF-8. Mu Windows-1252 chilembo ó ndi baiti imodzi, 243. Malinga ndi malamulo a UTF-8, baiti ya 243 imayamba gulu la mabaiti anayi, ndiye pulogalamu imadikira atatu otsatira, koma imapeza n wamba. Imalephera kumvetsa, n'kuika kadayamondiko posonyeza kuti apa panali kanthu kamene sinakazindikire. Mankhwala ake ndi omwe aja koma mobwerera: tsegulaninso fayiloyo mutasankha Windows-1252.

Apa ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri. Malinga ngati simunasunge, kadayamondiko kali pa sikirini pokha, ndipo 243 uja akadali m'fayilo. Mukangosunga, pulogalamu ikhoza kulemba kadayamondiko m'fayilo momwemo m'malo mwa 243. Zilembo ó, é, ã ndi ç zonse zimasanduka chizindikiro chimodzi chofanana, ndipo palibe pulogalamu imene ingadziwe kuti apa panali chiti. N'chimodzimodzi ndi funso wamba, monga Mala?i. Limeneli limabwera munthu akasunga mawu okhala ndi ŵ m'buku limene mulibe ŵ. Posowa nambala yomupatsa, pulogalamu imaika funso, nthawi zina w wopanda kachipewa. Notepad imachenjeza isanachite zimenezi, kuti zilembo zina zitayika, koma ambiri timadina OK osawerenga. Zikafika apa, chotsala n'kufunafuna fayilo yoyambirira kwa amene anaitumiza, kapena kulembanso pamanja mukudziwa mawuwo.

Palinso kabokosi kopanda kanthu pamalo pa chilembo. Kameneka nthawi zambiri si nkhani ya buku la zilembo ayi. Kompyuta yawerenga bwino, yadziwa kuti ndi ŵ, koma fonti imene mwasankha ilibe chithunzi cha chilembocho. Sinthani fonti, muyese Arial kapena Times New Roman, ndipo chilembo chioneka.

Patatha milungu iwiri mlamu wanga anandiitananso, ndipo ulendo uno nkhani inali yovutirapo. Msungichuma wa gululo anali ndi fayilo yakeyake ya kaundula yemweyo. Iye anaitsegula molakwika ngati poyamba paja, n'kuisunga ngati CSV UTF-8, n'kupitiriza kulembamo ndalama kwa masiku angapo. Titaitsegula pa 65001, MalaÅµi anakhalabe MalaÅµi. Titayesa pa 1252 zinaipiraipira, panatuluka MalaÃ…Âµi. Chimene chinachitika n'chakuti posunga paja, Excel inatenga Å ndi µ ngati zilembo zenizeni zimene munthu akuzifuna, n'kuzilemba mu UTF-8, chilichonse mabaiti awiri. Mabaiti awiri a ŵ anasanduka anayi. Chisokonezo sichinalinso pa sikirini pokha, chinali chitalowa m'fayilo.

Ngakhale pamenepa mawu sanafe, chifukwa njira imene anasokonekera nayo ikhoza kuyendedwa chobwerera. Muyenera kusandutsa zilembozo kukhala manambala a Windows-1252, kuti Å abwerere pa 197 ndipo µ pa 181, kenako n'kuwerenga manambalawo ngati UTF-8. Pulogalamu yaulere ya Notepad++ imachita zimenezi pa kompyuta imene buku lake lakale ndi Windows-1252. Pa Encoding pali magulu awiri a zosankha, ndipo kusiyana kwake ndiye mutu wa nkhani yonse. Zam'mwamba, monga ANSI ndi UTF-8, sizisintha manambala, zimangosintha buku lowerengera. Zam'munsi, zoyamba ndi Convert to, zimasintha manambala enieniwo koma zilembo za pa sikirini zimakhala zomwezo. Tinatsegula kopi ya fayilo ya msungichuma, tinadina Convert to ANSI, ndipo pa sikirini sipanasinthe kanthu. Kenako tinadina UTF-8 ya m'gulu lam'mwamba, ndipo MalaÅµi anakhala Malaŵi. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: akaona zilembo zosokonekera amathamangira Convert to UTF-8, ndipo potero amakhomerera chisokonezocho m'fayilo ngati mmene anachitira msungichuma uja.

Amene amadziwa pang'ono Python akhoza kuona njira yomweyo m'mizere iwiri:

```python
s = "MalaÅµi, ngâ€™ombe, AngÃ³nia"
print(s.encode("cp1252").decode("utf-8"))
```

Zimene zimatuluka ndi Malaŵi, ng’ombe, Angónia. Mawu amene anasokonezedwa kawiri amafunika kudutsa m'njirayi kawiri.

Njirayi ili ndi malire ake awiri, ndipo onse tinakumana nawo tsiku lomwelo. Oyamba ndi akuti mu Windows-1252 muli manambala asanu opanda chilembo: 129, 141, 143, 144 ndi 157. Chizindikiro chopindika chotsekera mawu olankhulidwa, ”, chimathera pa baiti ya 157, ndipo Á wamkulu wa Chipwitikizi amathera pa 129. Mapulogalamu ena amasunga mabaiti amenewa mosaoneka, ena amawataya kapena kuikapo funso. Akatayika mumatsala ndi â€ yokha yopanda chachitatu chake, ndipo malo amenewo muyenera kuwakonza pamanja.

Malire achiwiri ndi fayilo yosakanikirana. Msungichuma uja anali atawonjezera alimi asanu ndi mmodzi atsopano atasunga kale fayiloyo, ndipo awiri mwa iwo anawalembera Ulongué molondola, ndi é weniweni. Titayendetsa fayilo yonse m'njira yobwerera ija, mizere yakale inachira koma iwiri yatsopanoyo inasokonekera, chifukwa tinapereka mankhwala kwa amene sankadwala. Mwamwayi tinkagwira pa kopi. Tinabwerera, tinapatula mizere yatsopanoyo, tinakonza yakale yokha, kenako n'kuiphatikizanso. Ichi n'chifukwa chake sindigwirizana ndi kukonza pamanja munthu asanadziwe gwero la vuto, monga anayambira mlamu wanga pa mizere 40 ija. Mzere uliwonse umene mwakonza pamanja umasandutsa fayilo ya matenda amodzi kukhala ya mitundu iwiri, ndipo njira yochiritsa yonse nthawi imodzi imalephera.

Sindikunena kuti Find and Replace ilibe ntchito. Ngati muli ndi kalata ya Word kapena fayilo ya .xlsx imene chisokonezo chinalowamo kalekale, yoyambirira inasowa, ndipo zilembo zovuta ndi zitatu kapena zinayi zokha, kusintha gulu lililonse palokha ndi njira yachidule. Sinthani â€™ yonse kukhala ’, Åµ kukhala ŵ, Ã³ kukhala ó, Ã© kukhala é. Koma muzisaka gulu lathunthu, osati chilembo choyamba chokha. Mukafufuta Ã aliyense m'fayilo, mwachotsa chimene chikanakuuzani kuti apa panali chilembo chapadera, ndiponso mwawononga mawu a Chipwitikizi olembedwa m'zilembo zazikulu, monga SÃO, amene Ã wake ndi woona. Mukamaliza sakaninso Ã, Å, Â ndi â€ kuti muone ngati pali zotsala. Â woyima yekha pafupi ndi mpata nthawi zambiri amachokera ku mpata wapadera umene umabwera ndi mawu okopedwa pa intaneti.

Madzulo a tsiku limenelo tinasunga kaundula wokonzedwayo ngati .xlsx, chifukwa fayilo ya mtundu umenewu imanena yokha mkati mwake mmene zilembo zake zinalembedwera, ndipo Excel siganiziranso. Fayilo yoyambirira ya .csv tinaiika m'foda yakeyake imene mlamu wanga anaitcha OSAKHUDZA. Ndisanachoke anatenga kope lake la misonkhano, n'kulemba mkati mwa chikuto nambala 65001. Anandifunsa kuti, "Alamu, nanga mwezi wamawa fayilo ina ikabwera kuchokera ku mafoni aja?" Ndinawauza kuti asadine kawiri pa fayiloyo, ayambe atsegula Excel, apite pa Data, ndipo asanadine Load ayang'ane kaye mzere wa mlimi wa ku Angónia.